Mlozo wochongera chimangirizo: m'bokosi lililonse mulembe zimene diso lingaone

*Funso: Ndimaphunzitsa Chichewa Fomu 3 pasukulu ina yoyendera. Kalasiyi ili ndi magulu awiri, ndipo gulu linalo amachonga ndi mnzanga. Teremu yatha ana anadandaula kuti mnzangayo ndi wowolowa manja pomwe ine ndimaumira malikisi. Tinajambula tebulo lochongera zimangirizo n'kulembamo kuti zabwino kwambiri, zabwino, zapakatikati ndi zofooka, koma palibe chasintha. Kodi mlozo wochongera wogawidwa m'zigawo, uja kukoleji ankati rubiriki, umapangidwa bwanji kuti milingo yake izimveka?*

Aphunzitsi, vuto la tebulo lanulo lili m'mawu amene munaika m'mabokosimo. Mawu akuti "zabwino kwambiri" amangonena chigamulo cha wochonga, sanena chimene wochongayo waona papepala. Inu mukawerenga ndime n'kuti ndi yapakatikati, mnzanuyo n'kuti ndi yabwino, nonse mwatsatira tebulo ndipo palibe amene walakwa, chifukwa tebulolo silinakuuzeni poyang'ana. Mlozo umayamba kugwira ntchito pamene bokosi lililonse likutchula chinthu chimene mungachiloze ndi cholembera n'kunena kuti "nachi apa," kapena kuti "apa palibe."

Kusiyana kwa inu awiri si chinthu chachilendo pantchito yathuyi. Mu 1961, ku America, Paul Diederich ndi anzake awiri anatenga zimangirizo 300 za ophunzira ongolowa kumene kukoleji n'kuzipereka kwa anthu ophunzira bwino 53. Ena anali aphunzitsi, ena maloya, ena akonzi a zolembedwa, ena anthu a bizinesi, ndipo aliyense anauzidwa kuti apereke giredi kuyambira 1 mpaka 9. Zimangirizo 101 zinalandira magiredi onse asanu ndi anayi, ndipo panalibe ngakhale chimodzi chimene chinalandira magiredi osiyana ochepera asanu. Atafufuza ndemanga za ochongawo, anapeza kuti anthuwa sankayang'ana chinthu chimodzi. Ena ankatsata mfundo, ena kasanjidwe, ena kasankhidwe ka mawu, ena zolakwika za kalembedwe, ena kukoma kwa kafotokozedwe. Ndikuganiza kuti n'zimene zikuchitika pasukulu panupo: mwina mmodzi wa inu mtima umagwa akaona miyambi, winayo diso limathamangira pamene mwana walemba l m'malo mwa r. Mlozo wa zigawo umalekanitsa zinthu zimenezi kuti chilichonse chiweruzidwe pachokha, ndipo aliyense adziwe kuti chikulemera bwanji.

Tiyeni tigwire ntchito imodzi yeniyeni kuti tisamayankhule m'malere. Tinene kuti mwapereka chimangirizo chamtsutso, cha mawu 350 mpaka 500, pamutu wakuti "Boma liletseretu kugulitsa makala m'matauni. Vomerezani kapena tsutsani." Mlozo umene tipange ndi wa zimangirizo zamtsutso zokha. Ukhoza kugwiranso ntchito pamutu wa yunifomu kapena wa mafoni kusukulu, koma musauchongere nkhani yopeka, kalata yantchito kapena lipoti. Zimenezo zimafuna zigawo zawozawo, ndipo mlozo wofuna kukwanira paliponse umabwereranso kumawu aja akuti "zabwino".

Musayambe ndi kujambula tebulo. Yambani ndi mapepala a ana anu. Tengani zimangirizo zamtsutso khumi ndi ziwiri za teremu yatha, zosakaniza zamphamvu ndi zofooka, za magulu onse awiri. Pindani pamene pali dzina ndi malikisi. Aliyense wa inu aziwerenge payekha n'kuziika m'milu inayi, kuyambira zapamwamba mpaka zotsikitsitsa, osapereka malikisi. Kenaka khalani pansi pamodzi ndipo aliyense afotokoze chifukwa chake pepala lakutilakuti waliika pamulu wakutiwakuti. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Mnzanu akati "ichi n'chokoma," mufunseni kuti chakoma pati, aloze mzere. Adzayankha mwina kuti, "Wapereka chitsanzo cha amayi ogulitsa mandasi," kapena kuti, "Wavomereza kuti mitengo ikutha, koma wayankha." Inu mukati "ichi n'chosokonekera," iyenso akufunseni, ndipo mudzapeza kuti mukutanthauza kuti ndime imodzi ili ndi mfundo zitatu zosagwirizana. Mayankho oterewa muziwalemba papepala lapadera mmene akutulukiramo. Pakutha pa ola limodzi mudzakhala ndi ziganizo zambiri zofotokoza zimene ana anu amachitadi, ndipo ziganizo zimenezi ndi zimene zidzalowe m'mabokosi.

Mukaziunjika zofananazo pamodzi, pachimangirizo chamtsutso nthawi zambiri zimagwera m'zigawo zinayi. Choyamba ndi mfundo ndi umboni wake. Chachiwiri ndi kasanjidwe, kutanthauza chiyambi, thunthu, mathero ndi kulumikizana kwa ndime. Chachitatu ndi chiyankhulo, ndiko kusankha mawu ndi kuumba ziganizo. Chachinayi ndi kalembedwe ndi zizindikiro zake. Pali njira yophweka yodziwira ngati zigawo ziwiri zili zosiyanadi: dzifunseni ngati mwana angakhoze kwambiri china n'kulephera chinzake. Mwana angathe kukhala ndi mfundo zakupsa koma zosasanjika, choncho ziwirizi ndi zigawo ziwiri. Koma mukaika "kuyankha funso" ndi "kukhala pamutu" ngati zigawo zosiyana, ndiye kuti chinthu chimodzi mwachipatsa mayina awiri, ndipo mwana wophonya alangidwa kawiri. Khama, ukhondo wa pepala ndi kukongola kwa zilembo musaziike m'mlozo. Khama silioneka papepala, ndipo zilembo zokongola zimabera kale wochonga maso popanda kuzipatsa bokosi.

Ndikudziwa kuti padzakhala chilakolako chowonjezera zigawo kuti pasatsale kanthu. Werengerani ntchito yake kaye. M'kalasi ya ana 80, zigawo zinayi zikutanthauza zigamulo 320. Zigawo zisanu ndi zitatu ndi zigamulo 640, ndipo pofika pepala la makumi atatu mudzakhala mutasiya kuwerenga mabokosi, mukungopereka malikisi a m'mutu n'kuwagawa m'zigawomo kuti akwane.

Milingo ikhale inayi. Ikakhala itatu, ana ambiri amadzazana pakati ndipo mwana amene wasunthako pang'ono saoneka. Ikakhala isanu, wochonga wotopa amathawira pa 3 nthawi zonse akakayika, komanso n'kovuta kupeza mawu osiyanitsa bwino masitepe asanu. Inayi imakukakamizani kugamula funso limodzi lofunika: kodi mwanayu wafika pamene tikuyembekezera mwana wa Fomu 3, kapena sanafike? Mlingo 3 ndiwo "wafika". Mlingo 2 ndi "watsala pang'ono". Mlingo 4 ndi wopitirira, ndipo mlingo 1 ndi wongoyamba. Polemba, yambani ndi mlingo 3, chifukwa ndiwo msana. Mukayamba ndi 4 mudzalemba za chimangirizo cha m'maloto chimene mwana wanu aliyense sanalembepo, kenaka milingo inayo idzangokhala "pang'ono", "pang'ono kwambiri" ndi "palibe".

Nachi chigawo choyamba, cha mfundo ndi umboni, mmene ndingachilembere ine. Ndachiika m'ndondomeko imene ndinanena, kuyambira pa 3.

Mlingo 3: Mbali imene wolemba waima ikudziwika ndipo sikusintha mpaka kumathero. Mfundo yaikulu iliyonse ili ndi chifukwa chake ndi chitsanzo chenicheni, chotchula malo, chochitika kapena anthu okhudzidwa. Maganizo a mbali inayo atchulidwa, ngakhale sanayankhidwe.

Mlingo 2: Mbali imene wolemba waima ikudziwika. Mfundo zili pamutu, koma zambiri zangotchulidwa popanda chifukwa, kapena zitsanzo zake ndi zachisawawa monga "anthu ambiri amavutika". Mbali inayo sinatchulidwe.

Mlingo 4: Mbali imene wolemba waima ikudziwika ndipo sikusintha. Mfundo yaikulu iliyonse ili ndi chifukwa ndi chitsanzo chenicheni, ndipo wolemba wasonyeza mmene chitsanzocho chikuchirikizira mbali yake. Mfundo yamphamvu ya mbali inayo yanenedwa mwachilungamo n'kuyankhidwa ndi chifukwa.

Mlingo 1: Wolemba akukamba za makala kapena za mitengo, koma sanaime mbali iliyonse, kapena akusinthasintha. Ziganizo zikungonena zinthu motsatizana popanda kupereka chifukwa.

Taonani kuti m'mabokosi onse anayi mukudutsa zinthu zitatu zomwezomwezo: mbali ya wolemba, umboni, ndi mbali inayo. Chimene chikusintha ndi mmene chilichonse chikuonekera. Pamenepa ndi pamene milozo yambiri imagwera. Mumapeza kuti mlingo 4 ukukamba za zitsanzo, mlingo 3 ukukamba za kutalika kwa ndime, mlingo 2 ukukamba za kumvetsa funso, ndiye wochonga sadziwa kuti mwana wa zitsanzo zabwino koma ndime zazifupi amuika pati. Mukamaliza kulemba chigawo, chiwerengeni kuchokera pa 1 kukafika pa 4 ndipo muone ngati chinthu chilichonse chotchulidwa m'bokosi limodzi chili ndi mnzake m'mabokosi enawo. Taonaninso kuti mlingo 1 ukufotokoza zimene zilipo papepala. Mukangolemba kuti "alibe mfundo, alibe umboni," mwana wa pamlingo umenewo sadziona, ndipo sadziwa poyambira.

Mwina mwadabwa kuti sindinalembe chiwerengero cha mfundo. Ndachita dala. Kulemba kuti mfundo zisanu ndi mlingo 4, mfundo zitatu ndi mlingo 3, kumachongetsa msanga ndipo inu awiri mungagwirizane mosavuta, koma ana amazindikira msanga chimene chikulipidwa. Teremu yotsatira mudzalandira mndandanda wa mfundo zisanu ndi ziwiri, iliyonse ya chiganizo chimodzi, ndipo mwana amene anatenga mfundo zitatu n'kuzitambasula bwino adzakhala pansi pa amene anangozitchula. Ngati mukufuna mfundo zosachepera zitatu, zilembeni m'malangizo a funso. M'bokosi mulembe za kulimba kwa mfundozo.

Chinthu china pachigawo chimenechi, chimene ndimachiona kuti n'chachikulu: mlozo sukunena mbali imene ili yolondola. Inu mukhoza kukhala wokonda mitengo, ndipo mukukumbukira matope amene anatsika m'phiri la Soche pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mwana wotsutsa chiletso, ngati wapereka zifukwa ndi zitsanzo, apeze mlingo 4 monga mnzake wovomereza. Koma umboni wonama si umboni. Mwana akalemba kuti ku Malawi kulibe lamulo lililonse lokhudza makala, walakwitsa, chifukwa lamulo la nkhalango la 1997 limafuna kuti wootcha makala akhale ndi chiphaso, ndipo linakhwimitsidwa mu 2020. Mfundo yomangidwa pachinthu chabodza muziiwerenga ngati mfundo yopanda chitsanzo, ndipo mugwirizane zimenezi musanayambe kuchonga.

Kasanjidwe sikavuta kwambiri kulemba. Pamlingo 3, chiyambi chikunena mbali ya wolemba, ndime iliyonse ya thunthu ili ndi mfundo imodzi, ndipo mathero akumanga zimene zanenedwa popanda kubweretsa mfundo yatsopano. Pamlingo 2, zigawo zitatuzi zilipo koma ndime zina zasenza mfundo zingapo, kapena mathero ndi chiganizo chimodzi chongotsanzika. Pamlingo 1, chimangirizo ndi ndime imodzi yaitali, kapena ndime zadulidwa paliponse. Chosiyanitsa 4 ndi 3 ndi ichi: pamlingo 4, mutasinthanitsa ndime ziwiri za thunthu, mtsutso ungasokonekere, chifukwa ndime iliyonse yaima pa inzake. Pamlingo 3 mungazisinthanitse popanda chowonongeka, ngakhale zikuyamba ndi "poyamba", "kachiwiri" ndi "pomaliza".

Chiyankhulo ndiye chigawo chimene aphunzitsi a Chichewa timasiyana kwambiri, ndipo nkhani yake ndi miyambi ndi zining'a. Ana ambiri anauzidwa kuti mwambi umakweza malikisi, choncho amaloweza isanu n'kumaiponya m'chimangirizo chilichonse. Mukalemba m'bokosi kuti "wagwiritsa ntchito miyambi", mwawalimbikitsa. Lembani za ntchito imene mawuwo agwira. Pamlingo 3, mawu ndi oyenera mtsutso, osati a pabwalo la mpira, ziganizo ndi zathunthu, ndipo mayina akugwirizana ndi aneni. Pamlingo 4, kuwonjezera apo, ziganizo zazitali ndi zazifupi zikusinthana, ndipo mwambi, chining'a kapena mvekero, ngati zilipo, zikuthandiza mfundo imene zaikidwapo. Mawu akuti "ngati zilipo" ndi ofunika, chifukwa mwana angafike pa 4 popanda mwambi ndi umodzi womwe. Pamlingo 2, tanthauzo likumveka koma mawu omwewo akubwerezedwa, Chingerezi chikulowa pamene Chichewa chili ndi mawu ake odziwika, kapena miyambi yaikidwa pamene sikugwirizana ndi mfundo. Pamlingo 1, ziganizo zambiri ndi zoduka moti wowerenga akuchita kulota tanthauzo.

Pa kalembedwe pokha ndi pamene ndimalola kuwerengera, chifukwa zolakwika zake zimawerengekadi: l ndi r, kuphatikiza ndi kulekanitsa mawu monga "kusukulu" ndi "ku Zomba", chilembo chachikulu padzina lamwinimwini, mpumiro, mpatuliro, mfunsiro, ndi zidule za pafoni monga "bwnj". Koma musachotsere theka la malikisi pa cholakwika chilichonse m'chimangirizo chonse. Njira imeneyo imalanga mwana wolemba zambiri ndi woyesa mawu ovuta, n'kupatsa mphoto wolemba tiziganizo tating'ono totetezeka. Sankhani mawu pafupifupi 100 a pakati pa thunthu, werengani mitundu ya zolakwika, ndipo cholakwika chobwerezedwa muchiwerenge kamodzi. Mitundu iwiri kapena kucheperapo ndi mlingo 4, itatu mpaka isanu ndi mlingo 3, yoposa isanu koma tanthauzo osatayika ndi mlingo 2, ndipo ngati mukubwerera mzere kuti mumve chimene akunena, ndi mlingo 1. Manambala amenewa ndi poyambira chabe. Ayeseni pamapepala khumi ndi awiri aja, ndipo ana onse akagwera pa 2, asunthireni.

Tsopano malikisi. Zigawo zinayizi sizilemera mofanana, ndipo kulemera kwake kumasonyeza chimene mwaphunzitsa. Pachimangirizo cha malikisi 40, ine ndingachulukitse mlingo wa mfundo ndi 4, ndipo milingo ya zigawo zitatu zinazo ndi 2 chilichonse. Mfundo zikhala ndi malikisi 16, kasanjidwe 8, chiyankhulo 8, kalembedwe 8. Mnzanu wa phunziro la mbiri yakale angachulukitse ndi 5, 3, 1 ndi 1, chifukwa iye sakuphunzitsa chiyankhulo. Musanaugwiritse ntchito, onani zimene masamuwa akubala. Mwana wa mlingo 3 paliponse apeza 30, ndiye 75 peresenti. Wa mlingo 2 paliponse apeza 20, ndiye 50 peresenti. Wa mlingo 1 paliponse apeza 10, ndiye 25 peresenti. Dzifunseni ngati manambalawa akugwirizana ndi malikisi okhozera a pasukulu panu, ndipo ngati sakugwirizana, kambiranani ndi mkulu wa dipatimenti musanachonge, osati ana atalandira kale mapepala. Muikenso mzere umodzi pansi pa tebulo wonena za 0: pepala lopanda kanthu, lokopera kwa mnzake, kapena loyankha mutu wina. Popanda mzere umenewu, mwana amene waloweza chimangirizo cha ubwino wa maphunziro n'kuchikhuthula pamutu wa makala adzatola malikisi onse a chiyankhulo ndi kalembedwe.

Tiyese mlozowu pa ana awiri. Ndime izi ndazilemba ngati zitsanzo, motengera zimene ana a Fomu 3 amalemba. Woyamba walemba motere:

"Ine sindikugwilizana ndi zoti boma liletseletu kugulitsa makala. Kwathu ku Ndirande magetsi amathima thima ndipo gasi ndiwodula, amayi anga amaphika mandasi ogulitsa pa mbaula ya makala ndalama yake ndi imene imandilipilira fizi. Makala akaletsedwa lero mabanja ngati lathu aphikira chani. Ena amati makala akutha mitengo ndipo nzoona, phiri la ndirande linali ndi mitengo pano kuli mbee. Koma kuletsa kokha sikubweza mitengo chifukwa munthu wanjala adzagula makala mobisa usiku pa mtengo wokwera."

Wachiwiri walemba motere:

"Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Kuotcha makala ndi khalidwe loipa kwambiri ndipo boma liletseretu. Mitengo ndi yofunika pamoyo wa munthu. Imatipatsa mthunzi, zipatso ndi mpweya wabwino. Tiyeni tonse tigwirane manja posamalira chilengedwe, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Tinene kuti zimangirizo zonse ziwiri zikupitirira mmene zayambiramu. Woyambayo waima mbali, wapereka chifukwa, watchula malo ndi munthu wokhudzidwa, wavomereza mfundo yamphamvu ya mbali inayo n'kuiyankha. Pa mfundo ali pa 4, ndiye malikisi 16. Koma nkhani ya amayi ake ndi nkhani ya phiri zapanikizana m'ndime imodzi, choncho pa kasanjidwe ali pa 2, malikisi 4. Mawu ake ndi oyenera, mvekero uja "mbee" wagwira ntchito, koma ziganizo zake sizinapukutidwe mofika pa 4, choncho ali pa 3, malikisi 6. Pa kalembedwe tiwerenge mitundu: l m'malo mwa r, "thima thima", "ndiwodula", mpatuliro pofunika mpumiro, "pa mbaula", "chani", kusowa kwa mfunsiro, "nzoona", ndi "ndirande" ya chilembo chaching'ono. Zofanana tikaziwerenga kamodzi, mitunduyo yaposa isanu, koma tanthauzo silinatayike paliponse, ndiye mlingo 2, malikisi 4. Onse pamodzi 30.

Wachiwiriyo mbali yake ikudziwika, koma sananene chifukwa chake kuletsa kungathandize, sanatchule malo kapena munthu, ndipo anthu ophikira makala sakuoneka n'komwe. Pa mfundo ali pa 2, malikisi 8. Ndime zake ndi zaudongo, imodzi mfundo imodzi, ndiye 3, malikisi 6. Miyambi iwiri ija palibe umene ukukhudza chiletso cha makala, choncho pa chiyankhulo ali pa 2, malikisi 4. Kalembedwe n'kosalala, mlingo 4, malikisi 8. Onse pamodzi 26.

Ndikukhulupirira kuti mukuona kale mmene inu ndi mnzanu mukanasiyanirana pa ana awiriwa. Wochonga ndi diso la kalembedwe akanafiiritsa pepala loyamba n'kulipatsa mwina theka, pomwe lachiwiri akanalikweza chifukwa silinamuvutitse. Onaninso kuti mukangowonkhetsa milingo popanda kuchulukitsa, onse awiri apeza 11. Chimene chawasiyanitsa ndi chigamulo chanu chakuti pachimangirizo chamtsutso mfundo zilemere kawiri kuposa chigawo china chilichonse. Chigamulo chimenecho mukhoza kuchiteteza pamaso pa mwana, pa kholo ndi pa aphunzitsi aakulu, chifukwa chalembedwa ndipo chinalembedwa musanaone dzina la mwana aliyense.

Mlozo ukalembedwa sunathe. Tengani mapepala ena khumi amene simunawagwiritse ntchito poupanga. Aliyense achonge payekha, osalemba papepala la mwana, kenaka yerekezerani chigawo ndi chigawo, osati malikisi onse pamodzi, chifukwa anthu awiri angafike pa 28 onse kudzera njira zosiyana kotheratu. Kusiyana ndi mlingo umodzi apa ndi apo n'kwachibadwa. Kusiyana ndi milingo iwiri pachigawo chimodzi ndi chizindikiro chakuti m'bokosi muli mawu amene aliyense akuwamva mwake. Kawirikawiri olakwa amakhala mawu monga "mokwanira", "bwino", "momveka" ndi "zambiri". Apezeni, bwererani kupepala limene mwasiyanapolo, ndipo lembani chimene mukuona m'malo mwawo. Ngati m'mapepala onse khumi palibe lofika pa 4 pachigawo china, mwina bokosilo mwalikweza mopitirira Fomu 3, kapena chinthucho simunachiphunzitse. Ngati pepala lililonse likupeza mlingo umodzimodzi m'zigawo zonse zinayi, 3, 3, 3, 3 kapena 2, 2, 2, 2, ndiye kuti wochongayo wagamula kale m'ndime yoyamba ndipo mabokosi akungowadzaza. Mankhwala ake ndi kuchonga chigawo chimodzi pamapepala khumi motsatizana, kenaka kubwerera pachiyambi ndi chigawo chachiwiri. Zimachedwetsa masiku oyamba okha.

Pamapepala amene mwagwirizana, sungani limodzi kapena awiri a mlingo uliwonse, mayina atafufutidwa. Osankha fodya amaika tsamba la giredi iliyonse patsogolo pawo kuti diso lisasochere dzuwa likamapendeka, ndipo wochonga amafunikanso zomwezo. Mukachonga mapepala makumi awiri, werenganinso la mlingo 2 ndi la mlingo 3 musanapitirize, chifukwa munthu akatsatizanitsa mapepala ofooka, lapakatikati limayamba kuoneka ngati lapamwamba. Mugwirizanenso lamulo la pamalire: pepala likakhala pakati pa milingo iwiri, lipatseni wapamwambawo pokhapokha ngati zonse zotchulidwa m'bokosi lake zikuoneka. Matheka a milingo apeweni, chifukwa 2 ndi theka ndi khomo lobwerera kumalikisi a m'mutu.

Ana aupeze mlozowu asanalembe. Ngati mapepala osindikizira ndi osowa, ulembeni patchati n'kuupachika m'kalasi, kapena akopere m'makope mwawo chigawo chimodzi patsiku. Kungowawerengera sikukwanira. Lembani pabolodi ndime ziwiri zonga zili pamwambazi, awiriawiri apereke mlingo wa mfundo, ndipo aliyense aloze mzere umene wamupangitsa kutero. Mudzamva ena akuikira kumbuyo ndime ya miyambi ija, ndipo mkangano umenewo ndi phunziro lokwanira la tsikulo. Pobweza mapepala, lembani milingo inayi payokhapayokha, kenaka chiganizo chimodzi chotengedwa m'bokosi lotsatira. Kwa mwana wachiwiri uja mungalembe kuti, "Kuti ufike pa 3, tchula malo amodzi kumene mitengo yatha ndi makala, ndipo unene zimene ophikira makala angayankhe." Kwa woyambayo, "Nkhani ya amayi ndi nkhani ya phiri zikhale ndime ziwiri."

Pali malire awiri oti muwadziwe. Mlozo wanuwu ndi wa m'kalasi. A MANEB ali ndi ndondomeko yawo yochongera mayeso a MSCE, choncho musauze ana kuti 30 pa 40 ya m'kalasi ndi lonjezo la giredi yakutiyakuti. Chachiwiri, nthawi zina mudzakumana ndi chimangirizo chimene chachita chinthu chabwino chimene mabokosi sanachiganizire, monga mwana amene wasunga mbali yake mpaka ndime yomaliza mwadala, ndipo mtsutso wake wagwira mtima kuposa onse. Musamugwetse mwakachetechete, ndiponso musamuwonjezere malikisi mobisa. Liikeni pambali pepalalo, muliwerenge awiri, mugamule limodzi, ndipo ngati mwaona kuti bokosi la chiyambi ndi lopanikiza, mulikonze teremu ikatha kuti magulu onse awiri ayambe nalo limodzi.